Ngongole ya madola, malipiro a marandi: mafunso ndi mayankho kwa Amalawi a ku Johannesburg

Amalawi ambiri amene amagwira ntchito ku Joni, kaya m'nyumba za anthu, m'malesitilanti, m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair, pa zomangamanga kapena m'maofesi, amalandira malipiro awo m'marandi. Komabe si ngongole zonse zimene amatenga zimene zimawerengedwa m'marandi. Wina amabwereka kwa m'bale wake amene ali ku Ulaya kapena ku America, wina amatenga galimoto kapena katundu wa bizinesi amene mtengo wake unatchulidwa m'madola, ndipo wina amabwereka makwacha kumudzi n'kumabweza ndi ndalama za kuno. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene zimachitika ngongole ikakhala m'ndalama ina pamene malipiro ali m'ndalama inanso.

Kodi vuto lili pati, poti ngongole ndi ngongole basi?

Vuto lili pakuti munthu amene wabwereka madola 2,000 sanalonjeze kubweza marandi amene analandira atasintha madolawo, koma walonjeza kubweza madola 2,000, ndipo pa tsiku lililonse lobweza ayenera kugula madolawo pa mtengo wa tsiku limenelo. Abwana ake sadziwa zimenezi ndipo sizikuwakhudza, choncho malipiro ake amakhala omwewo kaya dola yakwera kapena ayi. N'chimodzimodzi ndi munthu amene wabwereka matumba a chimanga nthawi yokolola n'kulonjeza kudzabweza matumba omwewo mu Febuluwale, chikhalirecho iye alibe munda ndipo chimangacho adzachita kugula pamsika.

Motero ngongole yotereyi imakhala ndi zolipira ziwiri. Choyamba ndi chiwongola dzanja chimene munagwirizana, chimene chimadziwika kuyambira pachiyambi. Chachiwiri ndi kusintha kwa mtengo wa ndalama, kumene sikulembedwa pa pepala lililonse, kulibe malire, ndipo palibe amene angakuuzeni kukula kwake pa tsiku losaina. Nthawi zambiri chachiwirichi n'chimene chimagwetsa anthu.

Kodi zimenezi zimaoneka bwanji zikawerengedwa ndi manambala enieni?

Tiyeni titenge munthu wongoyerekezera, koma tigwiritse ntchito mitengo ya dola ya m'chaka cha 2020, yomwe tayizungulira pang'ono kuti iwerengeke mosavuta. Bamboyu amakhala ku Rosettenville, amagwira ntchito yophika ndipo amalandira R9,000 pamwezi. Lendi imamutengera R2,500, mataxi opita ndi kuchokera kuntchito R1,200, chakudya R1,800, ndipo amatumiza R500 kwa makolo kumudzi. Zonsezi zikakwana R6,000, amatsala ndi R3,000.

Kumayambiriro kwa Januwale 2020, pamene dola imodzi inali pafupifupi R14, iye akubwereka $2,000 kwa msuweni wake amene ali kunja kuti afolere nyumba imene akumanga ku Mangochi. Atasintha akulandira R28,000. Agwirizana kuti awonjezerepo 10 peresenti, ndiye kuti abweze $2,200 yonse pamodzi, ndipo azipereka $200 mwezi uliwonse kwa miyezi 11 kuyambira mu Febuluwale. Pa mtengo wa R14, ndalama ya pamwezi ndi R2,800, yomwe ikukwanira mu R3,000 imene amatsala nayo, ndipo ngongole yonse ikuoneka ngati ya R30,800. Powerengera pa tsiku limenelo, palibe cholakwika chimene chikuoneka.

Mu Febuluwale dola ili pa R15, choncho $200 ikumudyera R3,000 yonse yotsala ija. Mu Malichi dola yafika cha m'ma R16.50, ndipo ayenera kupeza R3,300. Kumayambiriro kwa Epulo, matenda a korona atasokoneza misika ya dziko lonse, dola inadutsa R19, ndiye kuti $200 yomweyo tsopano ndi R3,800, ndipo bamboyu akupereweredwa ndi R800 ngakhale atakhala kuti akulandira malipiro ake onse. Chimene chimawawa kwambiri ndi ichi: iye wabweza kale $400, zimene zamutengera R6,300, ndipo yatsala $1,800, koma $1,800 pa R19 ndi R34,200, yomwe ndi yochuluka kuposa R30,800 imene ankaganiza kuti ndiyo ngongole yake yonse pa tsiku loyamba. Walipira miyezi iwiri mokhulupirika, koma m'marandi ngongole yake yakula.

M'miyezi yotsatira randi inayamba kubwerera pang'onopang'ono mpaka inafika cha m'ma R15 mu Disembala. Tikaphatikiza miyezi yonse 11, mtengo wapakati unali pafupifupi R16.50, kutanthauza kuti $2,200 inamutengera ndalama zokwana R36,300. Analandira R28,000 n'kubweza R36,300, choncho chimene analipira pamwamba ndi R8,300, pafupifupi 30 peresenti, pamene iye ankadziwa za 10 peresenti. Msuweni uja sanabe chilichonse, chifukwa iye analandira $2,200 yake ndendende monga anagwirizanirana.

Pali chinanso chimene chitsanzochi chikuonetsa. Pa 27 Malichi 2020 boma la South Africa linatseka ntchito zambiri, ndipo malesitilanti anali m'gulu la zimene zinatsekedwa. Ngati bambo wathuyu ankangolandira theka la malipiro ake mu Epulo, ndiye kuti R4,500, ndalama yobweza ya R3,800 ikanamusiyira R700 yokha ya lendi ndi chakudya. Zimenezi sizinangochitika mwatsoka. Randi imagwa kwambiri pa nthawi imene chuma chasokonekera, ndipo imeneyo ndi nthawi yomweyo imene maovataimu amatha, mashifiti amachepetsedwa, ndipo anthu amachotsedwa ntchito.

Koma chiwongola dzanja cha ngongole ya madola n'chochepa kuposa cha kuno. Kodi sindipindulabe?

Mungapindule ngati randi singagwe kupitirira malire ena, ndipo malirewo mungathe kuwawerengera nokha musanabwereke. Tiyerekeze kuti mukufuna ngongole ya chaka chimodzi yodzabweza kamodzi pamapeto, ndipo wina akukupatsani madola pa 10 peresenti pamene wobwereketsa wovomerezeka wa kuno akukupatsani marandi pa 25 peresenti. Mukagawa 1.25 ndi 1.10 mupeza 1.136, kutanthauza kuti dola ikakwera ndi 13.6 peresenti yokha, phindu lonse lija latha. Ngati lero dola ili pa R18, malire anu ali pa R20.45, kupitirira pamenepo ngongole ya madola yakhala yodula kuposa ya marandi imene munaikana. Poyerekeza, kuchoka pa R14 kufika pa R19, monga zinachitikira m'miyezi itatu yokha mu 2020, ndi kukwera kwa pafupifupi 36 peresenti.

Ndi bwinonso kuonetsetsa kuti manambala awiri amene mukuyerekezawo akunena chinthu chimodzi. Pa chitsanzo cha bambo wa ku Rosettenville, 10 peresenti ija inawerengedwa pa $2,000 yonse, ngakhale kuti ngongoleyo inkachepa mwezi ndi mwezi. Mabanki amawerengera chiwongola dzanja pa ndalama yotsala yokha, ndipo mwa kawerengedwe kameneko 10 peresenti yotereyi imakhala pafupifupi kawiri, cha m'ma 19 kapena 20 peresenti pachaka. Anthu ambiri amayerekeza 10 ya m'bale wawo ndi 25 ya kubanki n'kuona kusiyana kwakukulu, chonsecho kusiyana kwenikweni n'kochepa kwambiri moti kugwa pang'ono kwa randi kungakumeze.

Kuchepa kwa chiwongola dzanja cha madola si chifundo cha obwereketsa. Mbali ina n'chifukwa chakuti wobwereketsayo wachotsa pa mapewa ake nkhawa yonse ya kugwa kwa randi n'kuisenzetsa inuyo.

Kodi zimene zinachitika mu 2020 si zinthu zongochitika kamodzi pa moyo wa munthu?

Ayi. Randi ndi ndalama imene mtengo wake umasiyidwa kuti uziyenda ndi msika, ndipo imagulidwa ndi kugulitsidwa kwambiri ndi anthu a m'mayiko ena, moti imagwedezeka ndi nkhani za kuno komanso za kutali. Mu 2001 chaka chinayamba dola ili pansi pa R8, koma pofika mu Disembala inadutsa R13. Mu 2011 dola inali cha m'ma R7, ndipo kumayambiriro kwa 2015 inali itafika kale cha m'ma R11.50. Pa 9 Disembala 2015, Pulezidenti Jacob Zuma atachotsa Nhlanhla Nene pa unduna wa zachuma, dola inadumpha kudutsa R15 m'maola ochepa, ndipo mu Januwale 2016 inadutsa R16. Chapakati pa 2021 inatsika mpaka cha m'ma R13.50, koma patapita zaka ziwiri zokha, chakumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni 2023, inayandikira R20.

Munthu amene akutenga ngongole ya zaka zitatu kapena zisanu ayenera kuyembekezera kuti chimodzi mwa zogwedeza zoterezi chingamupeze ali mkati mobweza. Ndipo ndalama imene yakhala yodekha kwa nthawi yaitali si umboni wakuti idzakhalabe choncho. Mabanja ambirimbiri a ku Poland ndi Croatia anatenga ngongole za nyumba mu furanki ya ku Switzerland chifukwa cha kuchepa kwa chiwongola dzanja, ndipo pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland itasiya kugwira mtengo wa ndalama yake, ngongole zawo zinakula tsiku limodzi.

Nanga randi ikalimba, si ndiye kuti ndabweza zochepa?

N'zoona, ndipo zinachitikapo. Amene anabwereka madola mu Epulo 2020 pa R19 n'kumabweza mu 2021 pa R14 anapindula ndithu. Koma phindu ndi kutayikitsa sizilemera mofanana kwa munthu wa malipiro a pamwezi. Randi ikalimba mumatsala ndi R500 kapena R800 yowonjezera, imene imalowa m'zofuna za tsiku ndi tsiku osaonekanso. Ikagwa mumalephera lendi, mumapita kwa mashonisa, omwe ndi akatapila a kuno, kapena mumataya chikole. Amene ali ndi ndalama zosungira angathe kudikira mpaka randi itabwerera, koma amene alibe amagwa mwezi woipawo usanathe, ndipo kubwerera kwa randi mu Disembala sikumubwezera chipinda chimene anatulutsidwamo mu Meyi.

Ndikaona mtengo wa dola pa foni, kodi ndi umene ndidzagulire?

Ayi, umenewo ndi mtengo wapakati umene mabanki amagulitsirana okhaokha. Munthu wamba akamagulitsa madola amapatsidwa mtengo wotsikirapo, ndipo akamagula amalipira wokwererapo, kuphatikizapo ndalama yotumizira. Pa ngongole ya madola mumadutsa pakhomo limeneli kawiri: polandira mumagulitsa madola motsika, ndipo pobweza mumawagula mokwera, mwezi uliwonse. Ngati kusiyana kwa mitengo iwiriyi kuli masenti 50 pa dola, pa $2,000 mwataya kale R1,000 randi isanasunthe n'komwe, ndipo ngati kutumiza kulikonse kukukudyerani R150, maulendo 11 akutengerani R1,650 ina. Ndalama zimenezi ziyenera kuphatikizidwa ku chiwongola dzanja poyerekeza ndi ngongole ya kuno.

Pa chifukwa chomwechi, mawu akuti "tidzaona mtengo wa tsikulo" amabala mikangano ngakhale pakati pa abale okondana, chifukwa wobwereketsa amaganiza za madola amene afike m'manja mwake, pamene wobwereka amaganiza za nambala imene waiona pa foni.

Kodi munthu angakhale ndi ngongole ya madola asanagwirepo dola m'manja?

Zimachitika kawirikawiri. Galimoto zakale zochokera ku Japan zimene anthu amagula kuti azitumize ku Malawi nthawi zambiri mtengo wake umatchulidwa m'madola, ndipo amene wapereka theka lero n'kulonjeza kudzamaliza pakatha miyezi itatu ali ndi ngongole ya madola, ngakhale akulipira m'marandi. N'chimodzimodzi ndi amene watenga katundu wa ku China kapena ku Dubai pa ngongole kwa wamalonda amene amasintha mitengo yake potsatira dola. Palinso obwereketsa amene amakupatsani marandi m'manja koma n'kunena kuti pobweza mudzawerengera mogwirizana ndi dola. Funso lothandiza kufunsa musanavomere n'lakuti: "Kodi dola ikafika R22 mawa, ndidzabweza marandi angati?" Ngati yankho lake likusiyana ndi nambala ya lero, ndiye kuti ngongoleyo ndi ya ndalama zakunja, kaya pa pepala palembedwa zotani.

Nanga kubwereka makwacha ku Malawi n'kumabweza ndi marandi? Poti kwacha imangogwa, si zopindulitsa zimenezo?

Kwa munthu wolandira marandi, kwacha nayonso ndi ndalama yakunja, ndipo n'zoona kuti mbiri yake ndi ya kugwa. Mu Meyi 2012 boma la Joyce Banda linaigwetsa kuchoka pa K168 kufika cha m'ma K250 pa dola, mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 mtengo wa dola unakwezedwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ngongole ya makwacha ku Malawi pa nthawi zimenezo n'kumalandira marandi kuno anaona ngongole yawo ikupepuka usiku umodzi.

Koma kudalira zimenezi n'kuiwala mmene kwacha imayendera. Nthawi zambiri siitsika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ngati randi. Reserve Bank of Malawi imaugwira mtengo wovomerezeka pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kenako n'kuusuntha kamodzi. Mwachitsanzo, kuyambira mu 2024 mtengo wovomerezeka unakhala nthawi yaitali pafupi ndi K1,750 pa dola. Pa nthawi yodikirayo, chiwongola dzanja cha ku Malawi, chimene m'mabanki chinkapitirira 25 peresenti pachaka mu 2024 ndipo kwa akatapila chimakhala chokwera kutalitali, mumachilipira chonse m'marandi popanda chokupepukitsirani. Ndipo ngati pa nthawi yomweyo randi yagwa poyerekeza ndi dola pamene kwacha yagwiridwa pamalo amodzi, marandi anu amagula makwacha ochepa kuposa kale. Ngongole ya K300,000 pamwezi imene inkakutengerani R3,000 pamene randi imodzi inkapereka K100 idzafuna R3,333 randi ikamapereka K90.

Palinso nkhani ya mitengo iwiri, wovomerezeka ndi wa pamsika wa mseri, imene nthawi zina imasiyana kwambiri. Munthu amene anawerengera ngongole yake potengera mtengo wa amatiransipota ndi anthu osintha ndalama mwamseri wamanga mapulani ake pa njira yosaloledwa ndi lamulo, imene ingatsekeke tsiku lililonse, ndipo ndalama zikasowa m'njira alibe kokadandaula.

Ndikufuna kubwereka marandi kuno kuti ndigule minibasi kapena chigayo kumudzi, ndipo bizinesiyo ndiyo izibweza ngongole. Kodi pamenepa pali vuto?

Vuto lake ndi lomwelo, kungoti latembenuka, ndipo mwa njira zonse zimene tatchula imeneyi ndi imodzi mwa zoopsa kwambiri. Chofunika si kumene inu mukukhala koma ndalama imene ikubweza ngongoleyo. Minibasi ya pa msewu wa Mzimba kapena chigayo cha ku Machinga zimabweretsa makwacha, pamene ngongole ikufuna marandi. Pa kugwetsedwa kwa mu Novembala 2023, ngongole imene inkafuna K118,000 pamwezi inayamba kufuna K170,000, ndipo pa nthawi yomweyo mafuta, matayala ndi zipangizo zina zochokera kunja zinakwera mtengo, moti phindu la bizinesi linachepa pamene ngongole inakula. Kuwonjezera apo, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki a ku Malawi, kotero kuti ngakhale munthu ali ndi makwacha okwanira angalephere kuwasandutsa marandi pa nthawi yake.

Zomwezi zimagwera munthu amene wabwerera kumudzi mosayembekezera, kaya chifukwa ntchito yatha, mapepala atha kapena wadwala, ali ndi ngongole ya marandi imene sanamalize. Ngongole yoteroyo ndi yabwino pokhapokha ngati malipiro a kuno angathe kuibweza paokha, bizinesi ya kumudzi itapanda kutumiza ngakhale tambala, ndiponso ngati nthawi yobwezera ndi yofupika kuposa nthawi imene mukutsimikiza kuti mudzakhala mukugwirabe ntchito kuno.

Kodi malamulo a South Africa amanenapo chiyani?

Pali malamulo awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi malamulo oyendetsera ndalama zakunja a mu 1961, amene amayang'aniridwa ndi South African Reserve Bank. Malamulowa saloleza kugula, kugulitsa, kubwereka kapena kubwereketsa ndalama zakunja pakati pa anthu wamba popanda chilolezo. Zimenezi ziyenera kudzera kwa ovomerezeka, amene ndi mabanki ndi makampani ena osintha ndi kutumiza ndalama amene ali ndi chilolezo. Ngongole yochokera kunja kwa dziko imayenera kudziwitsidwa ku banki yanu isanalowe kuti ivomerezedwe ndi kulembedwa. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, ndipo vuto limadzaoneka pobweza, pamene banki ikufunsa chifukwa chimene ndalamazo zikutulukira ndipo palibe cholembedwa chosonyeza kuti zinalowa ngati ngongole.

Lachiwiri ndi lamulo la ngongole la mu 2005, National Credit Act, limene limafuna kuti ochita bizinesi yobwereketsa ndalama alembetse ku National Credit Regulator, aone kaye ngati wobwereka angathe kubweza, ndipo asapitirire malire a chiwongola dzanja. Pa ngongole yaing'ono yosapitirira R8,000 yobweza m'miyezi isanu ndi umodzi, malire ake ndi 5 peresenti pamwezi pa ngongole yoyamba. Lamuloli limaletsanso wobwereketsa kusunga chiphaso chanu, khadi lanu la kubanki kapena nambala yake yachinsinsi. Amene akufuna kugwira pasipoti yanu ngati chikole akusonyeza yekha kuti ali kunja kwa lamulo.

Chimene tiyenera kunena mosabisa n'chakuti chitetezo chonsechi chimagwira bwino ntchito pa ngongole ya marandi yochokera kwa wobwereketsa wolembetsedwa. Ngongole ya madola ya kwa msuweni kapena kwa wamalonda wa m'tauni nthawi zambiri imakhala kunja kwa zonsezi, ndipo kugwa kwa randi pakokha sikufafaniza zimene munalonjeza.

Ndingadziyese bwanji ndisanavomere ngongole yotereyi?

Tengani ndalama yobweza pamwezi m'madola, muichulukitse ndi mtengo umene mungagulire dola lero pamalo amene mudzatumizire, osati wa pa foni, kenako muwonjezerepo 35 peresenti, imene ili pafupi ndi kukwera kumene kunachitika mu 2020. Muwonjezerenso ndalama yotumizira. Nambala imene mwapezayo muiyerekeze ndi zimene mumatsala nazo mukachotsa lendi, mayendedwe, chakudya, fizi ya ana ndi zotumiza kumudzi, ndipo powerengera malipiro musaphatikize ovataimu, matipi kapena maganyu a Loweruka. Bambo wa ku Rosettenville uja akanachita zimenezi akanapeza R3,780 pamene amatsala ndi R3,000, ndipo akanadziwa mu Januwale momwemo kuti angathe kusenza $150 yokha pamwezi, osati $200.

Ngati ngongoleyo ikukwanira pa mtengo wa lero wokha, ndiye kuti sikukwanira. Muonenso kutalika kwake, chifukwa ngongole ya miyezi itatu ili ndi mpata wochepa woti ikumane ndi chogwedeza poyerekeza ndi ya zaka zitatu, ndipo malipiro ambiri amakwera kamodzi pachaka ndi maperesenti ochepa chabe, amene sangathamangitsane ndi dola.

Kodi banki singanditsekere mtengo wa dola kuti usasinthe?

Mabanki ali ndi mgwirizano wogulitsa madola a m'tsogolo pa mtengo umene mwapangana lero, koma amachita zimenezi makamaka ndi makampani oitanitsa katundu amene ali ndi mapepala a malonda awo. Ngakhale mutaupeza, mtengo wa m'tsogolowo umakhala wokwera kuposa wa lero ndi mlingo wofanana ndi kusiyana kwa chiwongola dzanja cha mayiko awiriwo, moti mbali yaikulu ya phindu limene munkalitsata imathera pomwepo.

Ndili kale m'ngongole ya madola ndipo randi ikugwa. Ndichite chiyani?

Choyamba, lankhulani ndi wobwereketsa musanaphonye mwezi, osati mutaphonya kale, chifukwa munthu amene wabwera ndi manambala ake m'manja amamvedwa mosiyana ndi amene wakhala akuzemba foni. Pali zinthu zitatu zimene mungapemphe. Mungapemphe kuti ngongole yotsala isandutsidwe marandi pa mtengo umene mwagwirizana, ngakhale zitafuna kuti muwonjezere chiwongola dzanja pang'ono. Koma dziwani kuti kuchita zimenezi pa tsiku limene dola yafika pamwamba penipeni n'kudzitsekera pa mtengo woipa, moti bambo uja akanasandutsa $1,800 yake pa R19 akanalipira zambiri kuposa zimene analipira podikira. Mungapemphe kuti muzipereka marandi ofanana mwezi uliwonse, mwachitsanzo R2,800, ndipo madola amene agulidwe azichotsedwa pa ngongole, kotero kuti randi ikagwa chimene chimatalika ndi nthawi yobwezera osati ndalama ya pamwezi. Njira imeneyi ndiyo imagwirizana kwambiri ndi munthu wa malipiro okhazikika, ndipo abale ambiri amaivomera chifukwa madola awo onse amabwerabe. Mungapemphenso kugawana, kuti dola ikapitirira mtengo wakutiwakuti, chowonjezeracho muzisenza theka ndi theka.

Randi ikalimba kuposa mmene munawerengera, ndalama yotsalayo muzilipiriratu ngongole m'malo moidya, ndipo bonasi ya mu Disembala kapena ndalama ya chipereganyu ikabwera, ichepetse madola otsalawo. Chimene muyenera kupewa ndi kutseka dzenje la mwezi uno ndi ndalama ya mashonisa, chifukwa chiwongola dzanja chawo cha mwezi umodzi chimatha kufanana ndi kugwa konse kwa randi kumene mukukuthawako. Ngati mulinso ndi ngongole zina za kuno, monga za m'masitolo a zovala ndi mipando kapena za kubanki, mlangizi wa ngongole wolembetsedwa ku National Credit Regulator angathandize kuti zimenezo zikonzedwenso n'kukupatsani mpata wopuma.

Ngati ndikubwereka kwa m'bale amene ali kunja ndipo palibe njira ina, tilembe zotani pa pepala?

Kulemba si kusakhulupirirana, ndipo ndi bwino kuti mbali iliyonse ikhale ndi mboni, monga amalume kapena mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti amene nonse mumamulemekeza. Pepalalo litchule ndalama imene ngongole yawerengedwamo, ndipo ngati m'baleyo angavomere, pemphani kuti ikhale ya marandi kuyambira pachiyambi, ngakhale mutamuwonjezera phindu pang'ono pomuthokoza chifukwa chosenza nkhawa ya kusintha kwa mtengo. Ngati akufuna madola, mulembe marandi amene mwalandira m'manja ndi mtengo umene anasinthira, njira imene muzitumizira, amene azilipira ndalama yotumizira, ndiponso kuti mtengo wogwiritsa ntchito ndi wa pa lisiti la tsiku lotumiza. Mulembenso malire a marandi amene mungapereke pamwezi ndi zimene zidzachitike dola ikakwera mpaka malirewo atadutsidwa, komanso kuti muli ndi ufulu wobweza msanga popanda chilango, ndipo chiwongola dzanja chidzachepa mukatero.

Pomaliza pepalalo linene zimene zidzachitike ntchito ikatha kapena mukabwerera ku Malawi ngongole isanathe, chifukwa pamenepo mudzakhala mukubweza madola ndi makwacha. Ngati pali chikole, monga puloti kapena nyumba ya kumudzi, chilembedwe momveka kuti chingatengedwe pakadutsa miyezi ingati ya kulephera, ndipo akazi anu kapena amuna anu, pamodzi ndi aliyense amene akukhala pamalopo, aone pepalalo n'kulivomereza musanasaine. Malisiti onse a ndalama zimene mwatumiza muziwasunga pamodzi ndi pepalalo, ndipo mwezi uliwonse nonse awiri muzitsimikizirana pa uthenga wa pafoni kuchuluka kwa madola amene atsala.